Thilipi si muyeso: mmene mungadziwire kuti mchenga ndi miyala zikwana malole angati

M'mawa uliwonse m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu mumaima malole ndi matipa odikira ganyu. Womanga nyumba akafika pamenepo, funso lake loyamba limakhala la mtengo: thilipi ndi ndalama zingati? Amanenerera, amagwirizana ndi dalaivala, mchenga umabwera, ndipo aliyense amakhutira. Mavuto amadzaonekera tsiku lothira konkire, dzuwa lili paliwombo, simenti atasakanizidwa kale, aganyu fosholo zili m'manja, mulu wa miyala utatha koma chipinda chimodzi chisanathiridwe.

Zikatero mwininyumba amaloza chala mmisiri kuti sanawerengere bwino, mmisiri amaloza dalaivala kuti sanadzaze, ndipo dalaivala amayankha kuti iye anauzidwa mathilipi anayi ndipo anayiwo wabweretsa. Onse atatu akhoza kukhala kuti akunena zoona, chifukwa mawu akuti thilipi amangotanthauza ulendo umodzi wa galimoto. Sanena kuti m'galimotomo munali zochuluka bwanji. Lole yaing'ono ndi tipa yaikulu zonse zimapanga thilipi, koma ina imanyamula kuwirikiza kasanu kuposa inzake.

Kiyubiki mita ndi chiyani

Muyeso umene amisiri ndi ojambula mapulani amagwiritsa ntchito ndi kiyubiki mita, ndipo papepala amaulemba kuti m³. Ndi bokosi lotalika mita imodzi, lotambalala mita imodzi, lakuya mita imodzi. Mu bokosi lotere mumalowa malita 1,000. Kwa munthu wozolowera kutunga madzi, amenewa ndi madiramu asanu a malita 200, kapena zidebe 50 za malita 20. Wilibala ya amisiri yodzaza mosalaza, yopanda nsonga, imanyamula malita pafupifupi 65, choncho kiyubiki mita imodzi ndi mawilibala 15 ndi kachidutswa.

Chilichonse chokhala ngati bokosi chimayezedwa mofanana: mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi, kuchulukitsanso ndi kuya kwake. Chofunika kusamala ndi chakuti miyeso itatu yonseyo ikhale m'mamita. Masentimita 10 amalembedwa 0.1, masentimita 60 amalembedwa 0.6. Anthu ambiri amaphonya pamenepa, amachulukitsa mamita ndi masentimita, n'kupeza yankho lokwana kumangira sukulu yonse.

Nyumba ya mamita 10 kwa 8

Tiyerekeze kuti mayi wina wagula puloti ku Chileka ndipo akumanga nyumba ya mamita 10 mulitali ndi mamita 8 mulifupi. Gawo loyamba la ntchito likufuna konkire pawiri: pansi pa ngalande za maziko, ndi silabu ya pansi pa nyumba yonse.

Ngalande za makoma akunja ndi mamita 36 kuzungulira, ndipo za makoma am'kati tinene kuti zikukwana mamita 24. Zonse pamodzi ndi mamita 60. Pulani ikunena kuti konkire wa m'ngalandemo atambalale masentimita 60 ndipo achindikale masentimita 20. Masamu ake ndi 60 × 0.6 × 0.2, zomwe zikupereka makiyubiki mita 7.2. Silabu ndi yochindikala masentimita 10, ndiye kuti 10 × 8 × 0.1, makiyubiki mita 8. Konkire yense wofunika ndi makiyubiki mita 15.2.

Apa m'pamene pali msampha woyamba. Munthu angaganize kuti akagula simenti, mchenga ndi miyala zokwana makiyubiki mita 15.2 zonse pamodzi, wamaliza. Si choncho. Amene anathirapo mpunga m'chidebe chodzaza mbatata akudziwa kuti mpungawo umalowerera m'mipata, ndipo chidebe sichisefukira msanga. Konkire amachitanso chimodzimodzi. Mchenga umalowa m'mipata ya miyala, simenti amalowa m'mipata ya mchenga, madzi n'kumangiriza zonse. Zotsatira zake, kuti patuluke kiyubiki mita imodzi ya konkire wothira, pamafunika zinthu zouma zokwana makiyubiki mita pafupifupi 1.54.

Nambala imeneyi imagawidwa potsata kasakanizidwe. Konkire wa silabu nthawi zambiri amakhala wa 1:2:4, kutanthauza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Miyeso yonse ndi 7. Mchenga umatenga magawo awiri mwa asanu ndi awiri a 1.54, omwe ndi 0.44, ndipo miyala imatenga magawo anayi, omwe ndi 0.88. Konkire wa m'ngalande kawirikawiri amakhala wa 1:3:6, ndipo masamu omwewo amapereka mchenga 0.46 ndi miyala 0.92. Kusiyana kwenikweni kwa mitundu iwiriyi kuli pa simenti: woyamba amadya matumba opitirira pang'ono 6 a makilogalamu 50 pa kiyubiki mita, wachiwiri matumba anayi ndi theka. Pa mchenga ndi miyala manambala ndi oyandikana kwambiri, moti pogula n'kokwanira kukumbukira kuti kiyubiki mita ya konkire imafuna mchenga 0.45 ndi miyala 0.9.

Mayi wa ku Chileka uja akachulukitsa 15.2 ndi 0.9 apeza miyala yokwana makiyubiki mita 13.7. Akachulukitsa 15.2 ndi 0.45 apeza mchenga wokwana 6.8.

Zotayika, ndi mchenga wofufuma

Manambala amenewa ndi a papepala, pomwe ngalande zonse n'zowongoka ndipo palibe mwala wogwera pambali. Pa malo omangira zinthu sizikhala choncho. Ngalande yokumba ndi khasu ndi piki imatambalala apa ndi apo. Pansi pa silabu pamakhala tizigwa timene timadya konkire. Miyala ya pansi penipeni pa mulu imasakanikirana ndi dothi ndipo siyeneranso kulowa mu konkire. Chifukwa cha zimenezi amisiri amawonjezera gawo limodzi mwa magawo 10. Miyala ija ichoka pa 13.7 kufika pa makiyubiki mita 15.

Mchenga uli ndi khalidwe lina limene miyala ilibe. Ukanyowa pang'ono umafufuma. Madzi ochepawo amakuta kambewu kalikonse ka mchenga n'kumakatalikitsa ndi kanzake, ndipo mulu umaoneka waukulu pamene mchenga weniweni sunawonjezeke. Mchenga wachinyezi, wonga umene wangofukulidwa m'mbali mwa mtsinje, ukhoza kufufuma ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse, ndipo wosalala umafufuma kwambiri kuposa wokhakhala. Chodabwitsa n'chakuti ukanyoweratu n'kukhuta madzi, umabwerera pa msinkhu wake wa pouma.

Khalidwe limeneli ndi limene limathandiza kuuyeza. Munthu amatenga chitini kapena botolo la m'mbali mowongoka, n'kuthiramo mchenga mosatsindira mpaka masentimita 20. Kenako amaukhuthulira pambali, amathira madzi m'chitinimo, n'kubwezeramo mchenga uja pang'onopang'ono akutakasa. Ukakhazikika amayezanso. Ngati watsika kufika pa masentimita 16, ndiye kuti masentimita anayi anali mpweya chabe, ndipo 4 kugawa ndi 16 ndi gawo limodzi mwa anayi. Mchengawo unafufuma ndi 25 pa 100.

Mayi uja akapeza zotere, mchenga wake wa 6.8 ayenera kuuchulukitsa ndi 1.25, ufike pa 8.5. Akawonjezera gawo la zotayika lija, afika pa makiyubiki mita pafupifupi 9.4. Tsopano ali ndi manambala awiri opita nawo kwa a malole: miyala 15, mchenga 9.4.

Tepi pa bodi ya lole

Eni malole amatchula galimoto zawo ndi matani: ya matani atatu, ya matani 7, ya matani 15. Tani ndi kulemera, makilogalamu 1,000, pomwe kiyubiki mita ndi kukula kwa malo. Ziwirizi zimalumikizana kudzera pa kulemera kwa katunduyo. Kiyubiki mita ya miyala ya kwale imalemera pafupifupi tani ndi theka. Ya mchenga wouma imalemera pafupifupi matani 1.6, ndipo ya mchenga wodontha madzi imayandikira matani awiri.

Choncho lole iliyonse ili ndi malire awiri, ndipo wogula ayenera kuwapeza onse. Oyamba ndi kukula kwa bodi. Amayezedwa ndi tepi, m'kati mwa bodi osati kunja, ndipo ntchito yake sitenga mphindi zisanu. Tipa ya matani 7 imene mayi uja wapeza tinene kuti bodi yake ndi mamita 3.6 mulitali, 2.1 mulifupi, ndi masentimita 60 kuya. Masamu a 3.6 × 2.1 × 0.6 akupereka makiyubiki mita 4.5. Malire achiwiri ndi kulemera. Miyala yodzaza bodi imeneyi ilemera 4.5 × 1.5, matani osakwana 7 pang'ono. Apa malire awiriwa akugwirizana, ndipo thilipi ya tipa imeneyi ndi makiyubiki mita 4.5.

Pa lole yaing'ono ya matani atatu, yopangidwira kunyamula matumba ndi katundu wa m'masitolo, nkhani imasintha. Bodi yake ikhoza kukhala mamita 4.2 kwa 1.9, yakuya masentimita 40, malo okwana makiyubiki mita 3.2. Koma miyala yodzaza pamenepo ingalemere matani 4.8, kupitirira kwambiri mphamvu ya galimotoyo. Imene inganyamule bwinobwino ndi 3 kugawa ndi 1.5, makiyubiki mita awiri okha. Dalaivala wa lole yotere akabwera ndi bodi yosadzaza, sikuti nthawi zonse waba. Mwina akuteteza masipuling'i, matayala ndi mabuleki. Pa malire awiri aja, wogula atenge ochepawo, chifukwa ndi amene ali thilipi yeniyeni.

Kukakamiza dalaivala kuti adzaze kupitirira pamenepo kuli ndi mtengo wake. Lole yolemedwa imavuta kuimitsa pa mtsetse, ndipo misewu ya mu Blantyre ndi Zomba ili ndi mitsetse yambiri. Imakumbanso msewu, n'chifukwa chake boma limayeza malole pa masikelo a pamsewu monga ya ku Balaka ndi za m'zipata za dziko, ndipo wopitirira muyeso amalipitsidwa.

Kugawa, ndi chotsala

Manambala onse akapezeka, masamu otsala ndi kugawa kumodzi: makiyubiki mita ofunika kugawa ndi makiyubiki mita a thilipi imodzi. Pa miyala, 15 kugawa ndi 4.5 ndi 3.3. Lole siyenda kachigawo ka ulendo, ndipo mafuta opita ku kwale ndi omwewo kaya yadzaza kaya ayi, choncho yankho limakwezedwa kufika pa nambala yathunthu yotsatira. Ndi mathilipi anayi. Akanasankha lole ya matani atatu ija, 15 kugawa ndi 2 ndi 7.5, mathilipi 8. Tipa yaikulu ya makiyubiki mita 10 ikanapita kawiri.

Chotsalacho chimafuna kuchiganizira. Mathilipi atatu a tipa ndi makiyubiki mita 13.5, ndipo pakuperewera 1.5 yokha. Mayi uja ali ndi njira ziwiri. Akhoza kulipira thilipi yachinayi ya tipa n'kutsala ndi miyala yokwana makiyubiki mita atatu, imene idzagwire ntchito pa mtanda wa konkire wa pamwamba pa mazenera, pa khonde ndi pa chivundikiro cha dzenje la chimbudzi. Miyala siwola, ingofunika kutetezedwa kwa akuba ndi ku dothi. Ngati ndalama zili zochepa, akhoza kuitana lole yaing'ono kamodzi, n'kufika pa 15.5.

Pa mchenga, 9.4 kugawa ndi 4.5 ndi 2.1. Mathilipi awiri akuperewera ndi makiyubiki mita 0.4, omwe ndi mawilibala 6 okha. Mtima umafuna kunena kuti awiriwo akwana, koma mawilibala 6 amenewo ndi amene angaimitse ntchito pa ngodya yomaliza ya silabu. Konkire wothiridwa lero ndi wothiridwa mawa sagwirana ngati wothiridwa nthawi imodzi, ndipo pamene akumanirana m'pamene pamakonda kuyambira mng'alu ndi chinyontho. Poti mchenga wokhakhala wa kumtsinje udzafunikabe poumba mabuloko ndi posalaza pansi, thilipi yachitatu siwonongeka.

Kudziwa kukula kwa thilipi kumasinthanso kaonedwe ka mitengo. Mwachitsanzo chabe, ngati lole yaing'ono ikutchula K60,000 ndipo tipa ikutchula K110,000, khutu limamva ngati yaing'onoyo ndi yotchipa. Koma K60,000 kugawa ndi 2 ndi K30,000 pa kiyubiki mita, pamene K110,000 kugawa ndi 4.5 ndi yochepera K25,000. Mtengo wofananitsa ndi wa kiyubiki mita. Galimoto yaikulu kawirikawiri imapambana pa masamu amenewa, makamaka mtunda ukakhala wautali, koma iyenera kufika pa puloti. M'madera ambiri omangidwa kumene tinjira n'topanikiza, timilatho n'tofooka, ndipo nthawi ya dzinja tipa yolemera imatitimira. Ikakhuthula katundu kumsewu, ndalama zopulumutsidwa zija zimathera kwa aganyu a mawilibala.

Masentimita 10 osowa

Masamu onsewa amagwira ntchito ngati lole yabweradi yodzaza monga mwa pangano. Tipa ija ikafika mchenga uli masentimita 10 pansi pa mlomo wa bodi, maso saona vuto lalikulu, makamaka pakati pakakhala kansonga kokopa. Koma kuya kwatsika kuchoka pa 0.6 kufika pa 0.5, ndipo 3.6 × 2.1 × 0.5 ndi makiyubiki mita 3.8 okha. Pa thilipi imodzi pasowa mawilibala oposa 11. Pa mathilipi 6 otere, thilipi imodzi yathunthu yalipiridwa koma sinafike.

Nthawi yoyeza ndi pamene galimoto yangofika, isanakhuthule. Mnyamata mmodzi akwere ndi fosholo, asalaze nsonga ija kuti ifike m'ngodya zonse zinayi, ndipo tepi iyeze mpata wotsala kuchokera pa mlomo wa bodi, kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Pamafunikanso chilungamo kwa dalaivala. Katundu amatsendereka ndi kugwedezeka kwa m'njira, moti lole imene inadzaza bwino pa mtsinje imafika itatsika pang'ono. N'chifukwa chake pangano liyenera kunena poyera kuti muyeso ndi wa pofika kapena wa ponyamuka, ndalama zisanatuluke m'thumba.

Ngati lole yakhuthula mwininyumba kulibe, mulu ukhoza kuyezedwabe. Mulu wozungulira wa nsonga imodzi umayezedwa m'mimba mwake pansi, ndi msinkhu wake. Muyeso wa m'mimba umachulukitsidwa ndi iwo womwe, kenako ndi msinkhu, kenako ndi 0.26. Mulu wa mamita anayi m'mimba ndi mamita 1.1 msinkhu ndi 4 × 4 × 1.1 × 0.26, makiyubiki mita pafupifupi 4.6. Njira imeneyi ndi yongoyandikira, poti tipa imasiya mulu wotalikirapo mbali imodzi, koma ndi yokwanira kusonyeza ngati pabwera makiyubiki mita atatu m'malo mwa anayi ndi theka.

Kogula nako kumasintha muyeso. Makwale akuluakulu, monga a ku Njuli m'mbali mwa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, amaphwanya miyala ndi makina, ndipo malo otere amagulitsa poyeza matani. Lole imakwera pa sikelo ilibe kanthu, imakweranso itadzaza, ndipo kusiyana kwake kumalembedwa pa kapepala. Wogula kumeneko asinthe makiyubiki mita ake kukhala matani: 15 × 1.5 ndi matani 22.5, amene pa tipa ya matani 7 ndi mathilipi anayi omwe aja. Kapepala ka pa sikelo kayenera kufika m'manja mwa mwininyumba pa thilipi iliyonse. Kwa amayi ndi abambo oswa miyala ndi hamala m'mbali mwa misewu, muyeso ndi wilibala kapena mulu, ndipo masamu ake ndi mawilibala 15 pa kiyubiki mita. Makiyubiki mita 15 ndi mawilibala pafupifupi 230.

Pali chinthu chinanso chimene chimadya thilipi mobisika, ndicho dothi la mu mchenga. Kuliyeza n'kosavuta. Mchenga umathiridwa m'botolo loonekera mpaka theka, n'kuwonjezera madzi ndi kamchere pang'ono, n'kukhutchumula kwambiri, kenako botolo limasiyidwa maola angapo. Mchenga umakhala pansi, dothi limayala pamwamba pake. Ngati pa masentimita 10 a mchenga dothi layandikira sentimita yathunthu, mchenga umenewo sukuyenera konkire, chifukwa dothi limalepheretsa simenti kugwira. Ukafuna kusefa kapena kutsuka, mulu umachepa, ndipo mathilipi owerengedwa aja sakwananso. Mchenga wa kudambo ndi umene umakonda kukhala ndi vuto limeneli.

Wogula afunsenso kumene mchengawo ukufukulidwa. Magombe a mitsinje monga Lilongwe, Lingadzi, Mudi ndi Likangala, komanso magombe a nyanja ku Salima ndi Mangochi, awonongeka ndi kufukula kosatsata malamulo, ndipo makhonsolo ndi akuluakulu a zachilengedwe akhala akuletsa mchitidwewu. Lole ikagwidwa m'njira, ntchito ya wogula ndi imene imaima.

Mayi wa ku Chileka uja, akatsata zonsezi, aitana mathilipi anayi a miyala ndi atatu a mchenga pa tipa ya makiyubiki mita 4.5, ndipo adziwa chimene chitsale ndi kumene chikagwire ntchito. Inu amene mukukonzekera kuthira maziko chaka chino, mmisiri wanu akulembereni papepala makiyubiki mita a konkire, a mchenga ndi a miyala, aliwonse paokha. Popita kokaima malole tengani pepalalo pamodzi ndi tepi, ndipo muyeze bodi musanafunse mtengo.